Thabwa la waganyu uja silinaname

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Loweruka pamsika wa Lizulu ndinaona bambo wamkulu akutukwana mnyamata wonyamula matumba chifukwa choti mnyamatayo wanena zoona.

Nkhani yake inali chonchi. Mayi wina anagula thumba la chimanga kwa venda, wogulitsayo nkumati ndi makilogalamu 50. Mnyamata uja atalisenza pamapewa anangoti, "Mayi, thumba ili nlopepuka, silikukwana." Venda kudzuka ngati walumidwa ndi mavu. "Iwe, msana wako ndi sikelo? Sukulu unalekeza kalasi yanji?" Anthu kuseka. Sikelo ya vendayo akuti inali itawonongeka tsiku lomwelo.

Mnyamatayo sanabweze chipongwe. Anakatenga thabwa lalitali lomwe amakwererapo pokweza katundu m'lole, naliika pachipika chobulungira. Analisuntha pang'onopang'ono mpaka thabwalo linakhazikika lokha, mbali zonse zili m'mwamba. Kenako anabwereka thumba la feteleza losamasula, lija la makilogalamu 50 losokedwa ku fakitale. Anavula patapata wake nkuyeza kuchokera pachipika: mapatapata asanu uku, asanu uko. Feteleza mbali ino, chimanga mbali inayo. Feteleza anatsika pansi, chimanga chinatsala m'malere.

Pomwepo nkhani ikadatha, koma iye anapitiriza. Anayamba kukokera fetelezayo kufupi ndi chipika, pang'onopang'ono, mpaka thabwa linakhazikikanso, mbali zonse zili m'mwamba. Atayezanso, feteleza anali pa mapatapata anayi, chimanga chidakali pa asanu. Anati, "Mwa magawo asanu, chimangachi chili ndi anayi okha. Gawo limodzi palibe, mayi."

Tiwerengere limodzi. Makilogalamu 50 kuchulukitsa ndi 4 ndi 200. Kuti thabwa liime, mbali inayo nayo ipereke 200, ndiye 200 kugawa ndi 5 ndi 40. Thumba lija linali la makilogalamu 40. Makilogalamu 10 a mayi aja anapita kuti?

Zimenezi m'kalasi la fizikisi ku sekondale amazitcha momenti: mphamvu yokankha kapena kulemera kwa chinthu, kuchulukitsa ndi mtunda wake kuchokera pomwe thabwa latsamira. Ana athu amaloweza usiku wonse ndi tochi kuti akakhoze mayeso a MSCE, mnyamata uyu anazitola ndi maso ake. Nditamufunsa anandiuza kuti tsiku lina anakhala kunsonga kwa thabwa lomwelo akupuma, thumba la mbatata ya kachewere lili mbali ina pafupi ndi chipika. Thumbalo linali lolemera kumposa iye, koma linanyamuka. Atasendera pakati, linagwanso. Anabwereza kangapo mpaka anagwira mfundo: cholemera chikhale pafupi, chopepuka chikhale patali, zilingana. Nchifukwa chake pa wilibala amaunjika katundu kufupi ndi tayala, osati kuzigwiriro.

Ndiye wina nkumamufunsa za kalasi? Kalasi yachani? Munthu akudziwa kuti thabwa liyambe lakhazikika lopanda kanthu, apo ayi kulemera kwa thabwalo kumanamiza muyeso. Akudziwa kuti poyeza uyambire pachipika mpaka pakati penipeni pa thumba, osati m'mphepete mwake. Anakananso mwala wafulati umene wina anabweretsa, nati thabwa likakhala pamalo otambalala limaima ngakhale matumba asiyane pang'ono. Uyu ndi mbuli? Mbuli ndi ndani pamenepa, woyeza kapena wotukwana?

Inde, thabwa si sikelo. Silingakuuzeni kusiyana kwa kilogalamu imodzi, ndipo thumba likafwamphuka chimanga nkutsetserekera mbali imodzi, pakati pake pamasuntha. Koma makilogalamu 10 sabisala pathabwa. Sabisala!

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Ife tikaona malaya ong'ambika ndi nkhata pamutu timatseka makutu. Mwina ndi umphawi, mwina fizi inasowa ali Sitandade 8, zimenezo nzina. Chomwe ndikunena ine nchakuti mnyamatayo ananena zoona ndipo anazionetsa poyera, pamaso pa msika wonse. Ananena zoona thumba lili pamsana, ananenanso zoona lili pathabwa. Amene ankaseka aja palibe ndi mmodzi yemwe anapepesa. Venda anangothiramo chimanga china akung'ung'udza, nati thumbalo linatayikira panjira.

Ndipo china chomwe chikundiwawa: mayi aja, atapulumutsidwa chonchija, pofika pa siteji ya minibasi anayamba kunenerera mtengo wa ganyu. Munthu wakusenzerani makilogalamu 50 dzuwa lili paliwombo, wakubwezerani chimanga cha masiku angapo, inu nkumati "achimwene, tachotsaniko pang'ono, ndalama yatha." Yatha bwanji? Mukagula mayunitsi a foni simunenerera.