Ngongole ina musanatenge, yambani mwagwira kakyuleta

Loweruka lapitali mlamu wanga anandipeza pa Kasungu boma ali ndi fomu ya ngongole m'manja, nkhope ili mwee. Akufuna njinga yamoto yoti mnyamata wina aziyendetsa kabaza pakati pa Chinkhoma ndi tauni. Obwereketsawo amuuza kuti akukwanira bwinobwino, azingodulidwa K60,000 pamwezi. Ine ndinati, "Alamu, tabweretsani peyisilipu ndi mapepala a ngongole zonse, tiwerengere limodzi." Anabweretsa monyinyirika.

Masamu ake ndi a pulayimale. Mumaphatikiza ndalama zonse zimene mumabweza pamwezi, n'kugawa ndi ndalama zimene mumapeza pamwezi, kenako kuchulukitsa ndi 100. Pamene anthu timadzinamiza ndi posankha manambala oti tilowetsemo.

Pamwamba pa peyisilipu yawo panalembedwa K520,000. Ndalama imeneyi alamu sanaigwirepo chiyambire. Msonkho umatenga K94,000, penshoni 5 peresenti yawo ndi K26,000, ndiye yotsala ndi K400,000. Maganizo anga ndi akuti nambala yogawira ndi imeneyi, chifukwa ya msonkho simungagulire ufa. Koma musagwiritsenso nambala ya pansi penipeni ija, imene imalowa mu akaunti. Kwa alamu inali K300,000, chifukwa banki inali itadula kale K70,000 ndipo sako yakuntchito K30,000. Mukagawa ndi K300,000 kwinaku ngongole ziwirizo mwaziwerenganso pamwamba, ndiye kuti mwazilipira kawiri papepala.

Tsono ndinafunsa za ngongole zimene peyisilipu sizidziwa. Anayamba ndi kukanda m'mutu. Kenako kunatuluka banki mkhonde ya akazi awo, imene amabweza ndi iwowo, K40,000 pamwezi. Patapita kanthawi anayang'ana foni imene inali patebulo n'kuseka: nayonso ndi yapangongole, K20,000 pamwezi. Zonse pamodzi K160,000. Kugawa ndi K400,000, yankho 40 peresenti. Njinga isanabwere n'komwe, pa K1,000 iliyonse K400 ndi ya eni ake.

Tikaonjezera K60,000 ija zikukwana K220,000, imene ndi 55 peresenti. Nanga obwereketsa aja anati akukwanira bwanji? Tinayesa njira ina: kutenga za pa peyisilipu zokha, K100,000, kuonjezera K60,000, kugawa ndi K520,000 ya pamwamba ija. Ikutuluka pafupifupi 31 peresenti. Munthu yemweyo, mwezi womwewo, kwina 31 kwina 55. Palibe amene ananama masamu, kungoti banki mkhonde ndi foni sizinalembedwe pafomu, ndipo alamu sanazitchule.

Kwa ine, munthu wa malipiro ngati amenewa akadutsa 40 peresenti wayamba kuyenda pa ulusi. Si lamulo la boma ayi, ndi muyeso wanga, ndipo chifukwa chake chimaoneka mukasiya maperesenti n'kuyang'ana makwacha. Akanatenga ngongole ya njingayo, alamu akanatsala ndi K180,000. Lendi ndi K60,000. Pa K120,000 yotsalayo pachoke chimanga, ndiwo, magetsi, makala, thiransipoti ndi fizi ya mwana wa fomu 2. Mwana akangodwala usiku umodzi, m'mawa mwake muli pakhomo pa wakatapila. Ndipo tonse tikukumbuka mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti: mitengo m'magolosale inakwera, koma yodulidwa pa malipiro sinatsike ndi tambala yomwe.

Anayesa kundikanira kuti njingayo izibweretsa ndalama, komanso ali ndi kamunda ka fodya ku Santhe. Ndinawayankha kuti ndalama imene simunayambe mwailandira siilowa m'masamu. Fodya amalipira nyengo yake yokha, pamene ngongole imagogoda mwezi ndi mwezi, Januwale ndi Febuluwale omwe. Maalawansi a kumisonkhano chimodzimodzi.

Chimene chinatithandiza ndi sitetimenti ya kubanki, imene alamu ankangoipinda osaiwerenga. Anthu ambiri amangoyang'ana ndalama yotsala n'kuusa moyo. Koma muyenera kuonapo zitatu: mumabweza zingati pamwezi, kwatsala miyezi ingati, ndiponso ngati pali mwezi umene munaphonya n'kukuikirani chindapusa. Ya alamu inalibe chophonya, ndipo kunatsala miyezi 4 yokha. Ikatha, K70,000 ichoka pamndandanda. Pamenepo ngongole zakale zikhala K90,000, kuonjeza njinga K150,000, kugawa ndi K400,000 ikutuluka 37.5 peresenti. Akadali pafupi ndi malire, koma mpweya ulipo.

Fomu ija anaipinda n'kuika m'thumba la malaya. Akuti abweranso nayo miyezi inayo ikatha, ndipo ndawauza kuti tsiku limenelo adzabwere ndi akazi awo ndi kabuku ka banki mkhonde.