Amene akuti golide sagwa mtengo akukunamizani

Zandinyansa. Munthu wavala jekete pa Kasungu boma, wasonkhanitsa alimi amene angolandira ndalama za fodya, n'kumawauza kuti asasunge kwacha, agule golide wafumbi chifukwa ati golide sagwa mtengo. Ena mpaka akuganiza zogulitsa chimanga cha m'nkhokwe. Abale anga, limeneli ndi bodza la masanasana. Golide amagwa, ndipo amakonda kugwa nthawi imene mukumufunitsitsa.

Mu Januwale 1980 aunsi imodzi ya golide, yomwe ndi magalamu 31.1, inafika pa madola 850. Pofika 1999 inali pafupifupi madola 250. Amene anagula pamwamba paja anadikira mpaka 2008 kuti mtengo wawo ubwerere, zaka 28, tsitsi kuchita kuyera. Mu 2011 inakwera kufika cha m'ma 1,900, koma kumapeto kwa 2015 inali cha m'ma 1,050. Ndiye sagwa bwanji?

Akuti pa mavuto ndi pamene amakwera. Amakwera inde, koma amayamba wagwa kaye. Mu 2008, mabanki a ku Amerika akugwa, golide anatsika kuchoka pa madola 1,000 mu Malichi kufika cha m'ma 700 chaka chisanathe. Mu Malichi 2020, mliri wa Covid-19 utangoyamba, anatsikanso masiku ochepa okha, n'kudzadutsa 2,000 mu Ogasiti. Chifukwa chake n'chosavuta: anthu akapanikizika ndi ngongole amagulitsa chimene chili ndi msika. Amene anapindula ndi amene anali ndi chakudya m'nyumba, akutha kudikira. Inuyo mu Febuluwale, ufa watha, mwana ali kuchipatala, mudikira?

Chimene golide amachitadi sindikuchikana. Mtengo wake umawerengedwa m'madola, choncho kwacha ikagwa iye amakwera m'makwacha. Mu Novembala 2023 dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi, ndipo amene anali ndi golide weniweni sanapse ngati amene anasunga ndalama m'buku la banki. Komatu feteleza ndi sopo zinakweranso. Sanalemere, anangotchinjirizika. Ndipo golide sabereka. Mbuzi imaswa, ndalama yobwereketsa boma imabala chiwongoladzanja, galamu ya golide ikakhala zaka khumi idzakhalabe galamu.

Tsono golide wa bambo wajekete uja ngwina. Tiyerekeze mwatulutsa K1,000,000 kugula fumbi pa mtengo wa golide woyera. Fumbi la kumigodi silikhala loyera: muli mchenga, muli siliva, mwinanso mekyule yotsalira. Akalisungunula n'kupeza kuti golide ndi 85 peresenti, mwatsala ndi K850,000. Wogula nayenso adulapo yake, tinene 10 peresenti, mwatsala ndi K765,000. Mtengo uyenera kukwera ndi 30 peresenti n'kupitirira kuti mungobweza ndalama yanu, phindu lisanayambe. Apatu ndiye kuti munagula golide weniweni, pa sikelo yosabera. Mkuwa wopalidwa bwino umanyezimira chimodzimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyesa kwake kulipo. Golide ndi wolemera kwambiri, kuposa madzi ka 19, pamene mkuwa sufika ka 9. Kachidutswa ka magalamu 19 kakamizidwa m'madzi kayenera kukweza madzi ndi mililita imodzi yokha. Kakakweza awiri, mwagula mkuwa. Maginito akakakoka, thawani. Koma fumbi simungaliyese chonchi pansi pa mtengo wa mango, wogulitsa akukufulumizitsani kuti basi ikunyamuka. Mphete nazonso musapusitsike nazo: ya makarati 18 ili ndi golide 75 peresenti, ya makarati 9 ndi 37.5 yokha, ndipo ndalama ya mmisiri amene anaisula simudzaionanso pogulitsa. Kuwonjezera apo, malonda a golide m'dziko muno amafuna laisensi. Akakugwirani naye pa chipata cha Mwami mulibe pepala, mudzalira ndi ndani?

Ndiye golide ali ndi malo pa chuma cha banja? Ali nawo, koma kumapeto kwenikweni kwa mzere. Chimanga chofika kukolola kwina chikhalepo, feteleza wa chaka chamawa agulidwe, fizi ilipidwe, katapila atheretu, ndalama ya matenda ikhale pofikirika. Zikatsalapo, gawo limodzi mwa magawo khumi lakwana, ndipo akhale golide woyesedwa, wa pepala lake, amene simudzamukhudza zaka zisanu. Osati ndalama yonse ya fodya. Osati ya mbewu. Osati ya ku banki mkhonde.

Komanso chimandiwawa china. Ku Zimbabwe banki yaikulu inayamba kugulitsa makobidi a golide mu 2022, aliyense ndi nambala yake ndi chiphaso. Kuno Reserve Bank inayamba kugula golide kwa okumba mu 2021, koma mlimi wa ku Santhe kapena Kapiri wofuna magalamu awiri otsimikizika agogoda khomo liti? N'chifukwa chake a majekete akudya bwino.