Umboni wa munthu mmodzi sukwanira

"Ndimadziwa kuti mnzanga akumva ululu chifukwa akuchita zimene ine ndimachita ndikamva ululu."

Alembi a mawu ali pamwambawa, mfundo yanuyi, yomwe katswiri wa filosofi wa ku England John Stuart Mill anaifotokozanso mu 1865, ili ndi pofooka pamene mwapalumpha. Taganizirani msodzi wa ku Senga Bay amene mbedza yamubaya pachala. Ine ndikabayidwa, ndimadziwa zinthu zitatu zotsatizana: bala, ululu umene ndikuumva mkatimu, kenaka kufuula. Kwa msodziyo ndimaona choyamba ndi chachitatu basi, ndipo chapakaticho ndimangochiikapo potengera za ine mwini.

Vuto ndi lakuti umboni wonse wolumikiza kufuula ndi ululu ukuchokera kwa munthu mmodzi, amene ndi ine. Wogula mpunga amene watsegula thumba limodzi sangalumbire za matumba onse, komabe iyeyo akhoza kutsegula lachiwiri, pamene ine sindingalowe mwa msodziyo kuti ndikatsimikize. Ngakhale atanena kuti zikupweteka, mawuwo ndi chizindikiro chinanso chakunja.

Kwa ine, njira yolimbirapo ndi kunena kuti ululu ndiwo ukufotokoza bwino kuposa china chilichonse chifukwa chimene msodziyo akutetezera chalacho ndi kuleka kupalasa bwato, ngakhale pamene akuganiza kuti palibe akumuona.