Chenjezo kwa odikirira odwala ndi ogwira ntchito m'mawodi: mankhwala a siteroidi amakweza shuga masana, osati m'mawa

Abale anga a kuno ku Zomba, makamaka inu amene mumagona pansi m'mawodi podikirira odwala, komanso inu ana athu ovala zoyera amene mumagawa mankhwala, ndalemba izi ndili wokhumudwa. Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri ndisanapume, ndipo mpaka lero ndikapita kukazonda odwala ndimapeza mphwayi zomwe zija zimene tinkadzudzulana nazo kale, zokhudza mankhwala a siteroidi ndi shuga wa m'magazi.

Mankhwala amenewa mumawadziwa, ngakhale kuti ena simudziwa kuti ndi a mtundu umodzi. Puredinisoloni ndi timapiritsi ting'onoting'ono ta mamiligalamu 5 timene wodwala amamwa tambirimbiri nthawi imodzi m'mawa, ndipo dekisametazoni ndi haidirokotizoni kawirikawiri amabayidwa pamtsempha. Amaperekedwa kwa odwala mphumu yothina pachifuwa, chifuwa chachikulu chimene chalowa kuubongo kapena kuchikuto cha mtima, nyamakazi yotupitsa mfundo, ndipo nthawi ya mliri wa korona, kuyambira mu 2020, odwala ambiri amene anali pa mpweya ankalandira dekisametazoni wa mamiligalamu 6 patsiku. Ndi mankhwala opulumutsa moyo, ndipo sindikuuza aliyense kuti awakane. Koma amachititsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri, amachititsa minofu kusamvera insulini imene thupi limapanga, kenaka amamupatsanso wodwala njala yaikulu. Munthu wa matenda a shuga, shuga wake amalumpha ndithu, ndipo ngakhale amene sanapezekepo ndi matendawa akhoza kukwera shuga m'masiku awiri oyamba.

Chimene ambiri sachimvetsa ndi nthawi. Puredinisoloni akamwedwa m'mawa, shuga amayamba kukwera chakumasana, amafika pachimake madzulo mpaka usiku usanathe theka, kenaka amatsika yekha mphamvu ya mankhwala ikamachepa, moti pofika mbandakucha amakhala atabwerera pafupi ndi malo ake. Tsono taganizirani chizolowezi chathu choyeza shuga kamodzi kokha, 6 koloko m'mawa wodwala asanadye phala. Kamakina kamaonetsa nambala yabwino, namwino amalemba m'faelo, dokotala poyendera wodi amagwedeza mutu n'kudutsa, pamene dzulo lake madzulo munthuyo anali ndi shuga wokwera katatu kuposa pamenepo. Kuyeza wodwala wa puredinisoloni m'mawa mokha kuli ngati kupita kumtsinje wa Likangala m'chilimwe n'kubwera kudzanena kuti susefukira. Ngati timapepala toyezera tachepa, monga mmene timachepera kawirikawiri, ndipo mwatsala ndi kamodzi patsiku, kagwiritseni ntchito madzulo wodwala asanadye chakudya chamadzulo, kapena patapita maola awiri atadya nsima yamasana. Mukapeza nambala yopitirira 12 mmol/L, yambani kuyeza kanayi patsiku, ndipo ikapitirira 12 kawiri m'tsiku limodzi, imeneyo ndi nkhani yofunika chithandizo, osati yongolemba. Dziwaninso kuti timakina tina timawerenga mu mg/dL, ndipo pamenepo 12 uja amaoneka ngati 216, chifukwa mumachulukitsa ndi 18. Ndinaonapo wodikirira wodwala akulira poona 110, osadziwa kuti imeneyo ndi 6 chabe pa muyeso winawo.

Ndikufotokozereni za mphwanga wina wa kumbali ya Jali, munthu woonda wa makilogalamu 60, amene ankamwa mapiritsi a matenda a shuga a metifomini okha ndipo shuga wake anali wofatsa kwa zaka. Anagonekedwa m'chipatala china mfundo zitatupa, ndipo anamuyambitsa puredinisoloni wa mamiligalamu 40 m'mawa uliwonse, kutanthauza timapiritsi 8. Tsiku lachitatu ndinamupeza akumwa madzi ngati ng'ombe, akupita kukataya madzi pafupipafupi, akudandaula kuti maso akuona mwachimbuuzi. M'faelo munali 6.5 wa m'mawa umenewo. Nditapempha mwaulemu kuti amuyezenso dzuwa litapendeka, kamakina kanaonetsa 19.

Pano ndiime kaye ndidzudzule ife achibale, chifukwa pambali pa bedi lake panali botolo la sobo, fanta ziwiri, thobwa lothira shuga ndi mabanzi. Mlamu wanga ataona kuti mwamuna wake ali ndi ludzu ndi njala, anayesa kuti kuchira kwayamba, ndipo aliyense wobwera kudzazonda anabwera ndi chotsekemera m'jumbo. Ludzu limenelo silinali la kuchira. Shuga akachuluka, impso zimamutaya m'mkodzo pamodzi ndi madzi ambiri, munthu amauma, ndipo mukamuthira zotsekemera mumakhala mukusonkhezera moto womwewo. Okalamba ena amafika posokonezeka mutu mpaka kukomoka chifukwa cha kuuma kotere, achibale n'kumanena kuti matenda asintha kapena kuti kumudzi kuli munthu. Wodwala wa ludzu mupatseni madzi akumwa, ndipo chakudya chilichonse chimene mwabweretsa kuchokera kunja muuzeni namwino m'malo mochibisa pansi pa chitenje.

Dokotala atabwera anachita zoyenera. Anasankha insulini yoyera ngati mkaka ija, imene pabotolo pake pamalembedwa NPH, n'kulamula kuti izibayidwa m'mawa nthawi yomweyo imene wodwala akumwa puredinisoloni. Chifukwa chake n'chomveka: insulini imeneyi imayamba pang'onopang'ono, imalimba masana mpaka madzulo, kenaka imafooka usiku, ndiye kuti imayenda limodzi ndi mankhwala amene akukweza shugayo. Pali kawerengedwe kamene madokotala ambiri amayambira, koti pa mamiligalamu 10 aliwonse a puredinisoloni apereke mayuniti 0.1 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa wodwala, osapitirira 0.4. Kwa mphwangayu, 0.4 kuchulukitsa ndi 60 kunapereka mayuniti 24. Koma dokotala sanayambe ndi 24, anayamba ndi 16, poona kuti munthuyo ndi wachikulire, woonda, sanabayepo insulini, ndiponso tinali titangomulanda zotsekemera zija. Ndinagwirizana naye, chifukwa kuwonjezera mawa n'kosavuta kusiyana ndi kudzutsa munthu amene shuga wamuthera usiku, ndipo kwa wodwala impso kapena wosadya bwino kusamala kumeneku kumafunika koposa.

Tsiku lotsatira madzulo shuga anali 15. Apa ndi pamene ana athu ena amalakwitsa: akaona nambala yaikulu madzulo amafuna kuilanga nthawi yomweyo pobaya insulini yambiri yokhalitsa pogona. Mphamvu ya siteroidi imakhala ikutha, insulini ija imakhala ikuyamba, ndipo zimakakumana 3 koloko usiku wodwala ali m'tulo, namwino ali yekha ndi wodi yonse. Dokotala akhoza kulamula mayuniti ochepa a insulini yooneka ngati madzi, yogwira msanga, pa nthawi ya chakudya, koma kukonza kwenikweni kumachitika pa jakisoni wa m'mawa wotsatira. Nambala ya madzulo ano ndi imene imauza dokotala mlingo wa mawa m'mawa, ndipo amawonjezera ndi 10 mpaka 20 peresenti basi. Mphwanga anachoka pa 16 kupita pa 18, kenaka 20, kenaka 22, ndipo pamenepo shuga wa madzulo anakhazikika pa 10, wa m'mawa pa 6. M'chipatala sitifuna nambala yokongola ngati ya munthu wosadwala, timakhutira ndi pakati pa 6 ndi 10, ndipo nambala ya m'mawa ikayamba kutsikira ku 4 ndi chizindikiro choti tisawonjezerenso. Dekisametazoni ali ndi khalidwe lina, amakhalitsa m'thupi kupitirira tsiku lathunthu, choncho shuga amakhala wokwera usana ndi usiku, ndipo nthawi zambiri pamafunika insulini ya kawiri patsiku kapena yokhalitsa tsiku lonse.

Tsono ndifike pa chimene chinandilembetsa. Puredinisoloni wa nthawi yaitali sasiyidwa mwadzidzidzi, amatsitsidwa pang'onopang'ono, chifukwa munthu akamwa kupitirira milungu itatu thupi limayamba ulesi wopanga siteroidi yakeyake, ndipo kusiya tsiku limodzi kukhoza kugwetsa kuthamanga kwa magazi mpaka kupha. Choncho inu amene mumati mapiritsi awa ndi amene akukweza shuga, tiwataye, mukusewera ndi moyo wa munthu. Koma siteroidi akamatsika, insulini iyeneranso kutsika tsiku lomwelo ndiponso pa mlingo wofanana. Kuchoka pa mamiligalamu 40 kupita pa 30 ndi kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho mayuniti 22 ayenera kubwera pafupi ndi 16. Pa mamiligalamu 20 ayenera kukhala pafupi ndi 11, ndipo pa 10 akhale 5 kapena 6, nambala za kamakina zikutsimikizira sitepe iliyonse.

Mphwanga anatulutsidwa ali pa mamiligalamu 40. M'buku lake la kuchipatala munalembedwa bwino lomwe ndondomeko yotsitsira mapiritsi mlungu ndi mlungu, koma pa insulini panangolembedwa mayuniti 22 m'mawa. Iye, pokhala munthu womvera, anatsitsa mapiritsi monga anauzidwa, n'kupitiriza kubaya 22. Atafika pa timapiritsi 4 patsiku, anapita kudimba atangodya pang'ono, ndipo chakumadzulo anamupeza atakhala pamzere, thukuta lili chuchuchu, manja akunjenjemera, akuyankhula zosamveka ngati woledzera. Atafika naye kuchipatala chaching'ono shuga anali 2.4. Cholakwa chinali cha wolemba buku amene analekanitsa mankhwala awiri oyenera kuyendera limodzi, komanso chathu achibale amene tinanyamula katundu n'kuthamangira minibasi osafunsa funso limodzi.

Shuga wotsika pansi pa 4 ndi ngozi ya mphindi, osati ya masiku. Ngati munthuyo akutha kumeza, apa ndiye pamene shuga uja ndinakuletsani amakhala mankhwala: sungunulani masipuni ang'ono atatu kapena anayi m'kapu ya madzi, amwe, dikirani mphindi 15, bwerezani ngati sanatsitsimuke, ndipo akatsitsimuka adye nsima, mbatata kapena phala, chifukwa insulini yoyera ija imakhala idakali m'thupi kwa maola ambiri. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni chammbali n'kuthamangira naye kuchipatala, kumene adzamupatse shuga wa pamtsempha, ndipo mutenge botolo la insulini, mapiritsi ndi buku lake.

Musanatuluke m'wodi, imani pamaso pa dokotala kapena namwino ndi buku lotsegula, mupemphe kuti pafupi ndi mlingo uliwonse wa puredinisoloni palembedwe mayuniti a insulini a mlungu umenewo, tsiku losiyira insulini ngati wodwalayo sankabaya kale, ndi malo amene azikayezetsa shuga chakumadzulo. Mphwanga anabwerera ndi buku lake pa tsiku la kiliniki, analemberedwa ndondomeko yoteroyo, ndipo mapiritsi atatha anasiyanso jakisoni n'kubwerera pa metifomini wake.