Nyemba zake ziti?

Lero ndapsa mtima ndithu. Ndawerenga nkhani yomasuliridwa kuchoka m'Chingerezi, ya kalaliki wina amene akumuganizira kuti anaba ndalama za kampani limodzi ndi mabwana ake. Mabwanawo amuthawa, mlandu wamutsalira yekha, ndiye iye wauza atolankhani chimene akachite akakaima pamaso pa woweruza. Mawu ake m'Chingerezimo anali akuti "spill the beans". Womasulira wathu walemba kuti: "Kalalikiyu waopseza kuti akataya nyemba m'khoti."

Nyemba zake ziti? Mlandu ndi wa ndalama, nyemba zalowa bwanji? Munthuyu akunena kuti akaulula zonse, akatchula mayina a anzake amene anadya nawo, akaika poyera zimene akhala akubisa. Mutu wa nkhani yonse ndi umenewu, ndipo ndi umene wasowa. Wowerenga Chingerezi wamva kuti mabwana aja tulo sakugona. Wowerenga Chichewa wamva za nyemba zomwazika pansi.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti palibe liwu limene lalakwika. "Spill" ndi kutaya kapena kukhuthula, "beans" ndi nyemba. Mutati muike liwu lililonse pa sikelo palokha, womasulirayu wakhoza. Koma chiganizo chonse n'chabodza. Chining'a sichiwerengedwa liwu ndi liwu, chimamveka chathunthu, ndipo tanthauzo lake silipezeka pophatikiza matanthauzo a mawu amene ali m'kati mwake. Umboni wake ndi wosavuta. Chotsani nyembazo muikepo mbewu ina, Mngerezi yemwe sangamvenso za chinsinsi, angoganiza kuti wina wagwetsadi mbale. Nyembazo sizikugwira ntchito ya nyemba, n'chifukwa chake sizisinthika. Ndiye inu mukazinyamula n'kubwera nazo m'Chichewa, mwanyamula chinthu chimene ngakhale eni chiyankhulo sachiona akamayankhula.

Ndipo vuto silithera pa kusamveka. Bola zikanakhala zosamveka chabe, wowerenga akanangodumpha. Koma ife tili ndi zining'a zathu zoyamba ndi kutaya: kutaya mtima, kutaya nthawi, kutaya bomwetamweta. Zonsezi zimakokera ku kuluza, kuwononga, kuphonya mwayi. Munthu akaona "kutaya nyemba" mutu wake uthamangira komweko, aziganiza kuti kalalikiyu wagonja, kapena akauwononga yekha mlandu wake. Pamene mwiniwake akuopseza, ali ndi mphamvu m'manja, ife tamusandutsa woluza. Kandimverere anakanena za m'maluwa!

Musandiuze kuti kumasulira liwu ndi liwu ndiye kukhulupirika. Kukhulupirika kwa yani? Mwini mawu ananena za chinsinsi, inu mwanena za nyemba. Mwakhulupirika kwa mtanthauziramawu, munthu amene anayankhula mwamunamizira. Tembenuzani zinthu muone. Ndikanena kuti agogo atsamira mkono, wina n'kukauza mlendo m'Chingerezi kuti agogo agoneka mutu pa mkono wawo, mlendoyo ayankha kuti asiyeni apume, pamene ife tili pa maliro. Ndikanena kuti akundidyera masuku pamutu, palibe amene amayang'ana m'tsitsi mwanga. Zathu timazidziwa kuti sizimveka choncho. Nanga za eni ake tikuziyesa bwanji kuti zilibe kuya?

Ena ayamba kale kunditumizira nthano ija yoti chining'achi chinachokera kwa Agiriki akale, amene ankavota poponya nyemba zoyera ndi zakuda mumtsuko, ndiye mtsuko ukagubuduka zotsatira zinkadziwika nthawi isanakwane. Nthano yokoma, koma umboni ilibe. Mawuwa anayamba kuoneka m'Chingerezi cha ku Amereka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kutali kwambiri ndi Agiriki aja. Ndipo ngakhale ikanakhala yoona, ingamuthandize chiyani wowerenga amene akufuna kudziwa chimene kalaliki akachite m'khoti?

Kuzindikira chining'a si ufiti ayi. Ukamamasulira nkhani ya ndalama n'kukumana ndi nyemba, ima. Chinthu chikatulukira pamalo pamene sichikugwirizana ndi nkhani, belu lalira kale. Tenga mawu onse atatuwo uwafufuze limodzi, usafufuze limodzilimodzi, chifukwa mtanthauziramawu wabwino aliyense wa Chingerezi amawalemba ngati chinthu chimodzi ndi tanthauzo lake. Safunsa anadya phula.

Ukadziwa kuti ndi kuulula chinsinsi, ntchito sinathe, ndipo apa m'pamene womasulira weniweni amaonekera. Chining'achi chimagwira ntchito pawiri: pamene munthu waulula dala, ndi pamene mawu angomupulumuka. Chichewa chimafuna usankhe. Kalaliki wathuyu akuchita dala, ndi mkwiyo, ndiye tinganene kuti "waopseza kuti akaulula zonse", kapena "akalavula zonse m'khoti", kapena, ngati nkhaniyo ikuonetsa kuti cholinga chake n'kuwachititsa manyazi, "akawayalutsa". Koma tiyerekeze kuti ana akonzera mayi awo phwando mobisa, wamng'ono n'kufunsa pamaso pa mayiwo kuti alendo afika nthawi yanji. M'Chingerezi chining'a n'chomwecho. M'Chichewa mwanayo sanayalutse munthu, sanalavule kanthu, zangomupulumuka, waulula mosadziwa. Palinso malo ena, pamene mnzako akukukakamiza mwanthabwala kuti umuuze nkhani imene ukubisa. Pamenepo ife timangoti "tanena, usabise". Chining'a chimodzi, ziganizo zitatu zosiyana, ndipo palibe chimene chili ndi nyemba.

Msampha winanso ndi wothamangira chining'a chathu chooneka ngati chofanana. Wina angati kutsina khutu. Ayi. Wotsina khutu amachenjeza munthu mmodzi mwakachetechete, chinsinsi n'kukhalabe chinsinsi kwa ena onse. Kalalikiyu sakutsina khutu woweruza, akufuna dziko lonse limve. Chining'a chathu chikakhala kuti sichikukwana bwinobwino, nenani mawu wamba. "Akaulula zonse" n'chiganizo chopanda maluwa, koma n'choona.

Mwina ndi changu, mwina malipiro ndi ochepa, zimenezo n'zawo. Wowerenga sanalakwe kanthu. Iye alibe Chingerezi chija pambali choti ayerekeze, chimene mwamupatsa ndicho chokhacho ali nacho, ndipo amachikhulupirira. Akachoka pamenepo akauza mnzake zolakwikazo molimba mtima.

Ndipo poti ndayamba kale, ndinene za ena awa amene amayesa ntchito ya womasulira poibwezera m'Chingerezi. Amapereka Chichewacho kwa munthu wina, iye n'kuchitembenuzira kumene chinachokera, kenako n'kuyerekeza ziwirizo. Taonani chimene chimachitika. "Akataya nyemba" ikabwerera m'Chingerezi imafanana ndendende ndi mawu oyamba aja, ndiye abwana amene sadziwa Chichewa amavomereza mosangalala. "Akaulula zonse" ikabwerera, nyemba mulibe, abwana amafunsa kuti bwanji mwasintha mawu. Wolakwa wapambana, wokhoza akudzifotokozera! Bwanji osangotenga Chichewacho, n'kupatsa munthu amene sanaone Chingerezi chake, n'kumufunsa kuti kalalikiyu akufuna kuchita chiyani?