Kazembe akalakwa, funsani dziko lomwe linamutuma

Nthawi zonse ikamveka nkhani yoti kazembe wapha munthu pangozi kapena wazunza wantchito wake kenako nkukwera ndege osagwidwa, anthu amakwiyira apolisi kuti ndi amantha. Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa ndithu, koma ine ndimaona kuti timaulozetsa pakhomo polakwika.

Apolisi manja awo amakhala omangika ndi pangano la ku Vienna la 1961 lomwe pafupifupi mayiko onse anasainira. Ndime 29 imati kazembe samangidwa kapena kutsekeredwa, ndime 31 imati sangazengedwe mlandu waupandu mkhoti la dziko lomwe akugwiramo ntchito, ndipo ndime 22 ndi yomwe imati wapolisi, msilikali, ngakhale wanyamula chikalata cha khoti, salowa mu ofesi ya kazembe pokhapokha mkulu wa pamenepo atavomera yekha. Ena amati mpanda wa embase ndi nthaka ya dziko lakwawo, ayi sizoona zimenezo, nthaka ndi ya eni dziko ndipo malamulo awo amagwirabe ntchito mmenemo, chomwe chinaletsedwa ndi kulowa basi.

Kuwawa kwa lamuloli kunaoneka ku London pa 17 Epulo 1984. Anthu ankachita zionetsero zotsutsa Gaddafi panja pa ofesi ya kazembe wa Libya ku St James's Square, zipolopolo nkutuluka pawindo la nyumbayo, wapolisi wamkazi Yvonne Fletcher wazaka 25 nkuomberedwa nkumwalira, ena angapo ochita zionetserowo nkuvulala. Apolisi anazinga nyumbayo masiku 11, koma sanalowe. Chomwe boma la Britain linachita ndi kudula ubale ndi Libya ndikulamula onse a mnyumbamo kuti azipita kwawo, ndipo anapitadi ndi katundu wawo wosatsegulidwa chifukwa ndime 27 imaletsa kutsegula thumba la akazembe. Libya inadzavomera udindo ndikulipira chipukuta misozi mu 1999, patadutsa zaka 15 abale, koma woombera uja sanaimepo mkhoti.

Zimenezi zimandipweteka, komabe sindinganene kuti apolisi akanathyola chitseko. Ukathyola lero chifukwa uli ndi chifukwa chomveka, mawa boma lankhanza kwinakwake lipeka mlandu, lithyola chitseko cha akazembe ako nkuwatsekera, ndipo lidzati munayamba ndi inu. Munthu amene watumidwa kukalankhula mawu owawa kwa boma lachilendo sangalankhule ngati akudziwa kuti usiku womwewo akhoza kugona mselo. Chitetezochi chinaikidwira ntchitoyo, sikuti munthuyo ndi wapamwamba kuposa ena.

Ndiye dziko lolakwiridwa limatsala ndi chani? Ndime 9 imalilola kunena kuti munthu uyu sitikumufunanso muno, nthawi iliyonse, osafotokoza nkomwe chifukwa chake, ndipo akwawo amayenera kumuitanitsa. Akakana, patapita nthawi yoyenera dzikolo likhoza kusiya kumuwerenga ngati kazembe. Koma kwa mayi amene waika mwana wake mmanda, kuthamangitsa wolakwa ndi chilango chanji? Wangopita kwawo.

Apa mpomwe ine ndimati tiziyang'ana dziko lotuma. Chitetezo si cha kazembe mwini wake, ndi cha boma lake, ndipo ndime 32 imati bomalo likhoza kuchichotsa bola linene momveka bwino. Kazembe payekha sangachivule, boma lake lokha. Zinachitikapo. Mu Januwale 1997 ku Washington, Gueorgui Makharadze, wachiwiri pa ofesi ya kazembe wa Georgia, anayendetsa galimoto ataledzera komanso akuthamanga kwambiri, nkupha mtsikana wazaka 16. Akanatha kuthawitsidwa mwakachetechete, koma Amereka itapempha, pulezidenti wa Georgia Eduard Shevardnadze anachotsa chitetezocho, munthuyo anavomera mlandu ndipo anagamulidwa zaka zapakati pa 7 ndi 21 kundende, ngakhale pambuyo pake anamusamutsira kwawo kukapitiriza chilango. Pangano ndi lomwelo lomwe linalipo ku London, palibe ndime yomwe inasinthidwa, kusiyana kunali mtima wa boma lotuma.

Ndipo ngakhale boma likane kuchotsa chitetezo, ndime 31 yomweyo imanena kuti kazembe sanamasulidwe ku makhoti akwawo. Choncho akafika kwawo nkungopatsidwa ofesi ina ngati palibe chachitika, amenewo ndi maganizo a boma lake, lisanamizire Vienna. Ine ndikufuna atolankhani ndi aphungu azifunsa mafunso awiri pompopompo munthu asanakwere ndege, kodi boma lathu lapempha kale mwalamulo kuti chitetezo chichotsedwe, ndipo ngati akana, alonjeza polemba kuti akamuzenga mlandu kwawo ndikulandira umboni wa apolisi athu?