Kuyang'ana pansi ndi ulemu kwathu, koma ku Mangalande kumaluzitsa ntchito

Mwana wa achemwali anga anakanidwa ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, mapepala ake ali bwinobwino. Atafunsa chifukwa, anamuuza kuti ankaoneka wosadzidalira, ngati pali chomwe akubisa. Anandiimbira foni atakhumudwa: "Amalume, ine ndimabisa chiyani?" Ndinamuuza kuti andionetse pa vidiyo mmene analowera m'chipinda cha intaviyu. Ndinaseka, kenako chisoni chinandigwira, chifukwa mnyamatayo anachita ndendende zomwe tinamuphunzitsa ife kwathu ku Dedza.

Analowa atawerama pang'ono. Anapereka dzanja lamanja mofewa, lamanzere litagwira mkono pafupi ndi chigongono, maso ali pa nsapato za bwanayo. Mafunso onse anayankha akuyang'ana patebulo. Kumudzi agogo akanati mwana uyu analeredwa. Paja kwathu mwana wopenyetsetsa munthu wamkulu m'maso timati ngwamwano, m'maso muli gwa.

Mngelezi amawerenga zizindikiro zomwezo mwa mtundu wina. Kwa iye maso ndiye umboni woti ukumvetsera komanso ukunena zoona. Dzanja lofewa amaliona ngati mphwayi. Moni wawo ndi wachidule: kugwira molimba ndithu koma osafinya, kugwedeza kamodzi kapena kawiri, n'kusiya. Zathu zija zokambirana za mvula ndi matenda manja ali chigwirire, iwo zimawasowetsa mtendere. Ukaona munthu akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mukucheza, sikuti wakuda ayi, wamuyandikira kwambiri. Siya mpata wotalika ngati mkono wako.

Za maso ndiye zovuta, poti khosi limawerama lokha usanaganize n'komwe. Ndinamuuza kuti amuyang'ane munthuyo pomwe akufunsa funso, komanso poyamba kuyankha. Pakatha masekondi atatu kapena anayi achotse maso, koma ayang'ane kumbali ngati woganiza, osati pansi, kenako abwerere. M'maso mukamamuopsa, ayang'ane pakati pa nsidze, winayo sangasiyanitse. Asapitirirenso muyeso n'kutong'ola maso osaphethira, chifukwa ngakhale kumeneko zimenezo ndi zoputa ndewu. Tinayeserera pa foni madzulo angapo, ine ndili bwana. Tsiku loyamba sanathe n'komwe kundiyang'ana ine malume ake.

Ena mudzati ndikuphunzitsa ana kutaya mwambo. Ine ndikukana. Ku Japan amawerama popatsana moni ndipo kupenyetsetsa wamkulu sakukonda, koma palibe amawanena kuti ndi otsalira. Chomwe ndikudandaula n'chakuti timatumiza ana kunja titawaphunzitsa Chingelezi cha pakamwa chokha, za maso ndi manja osawauzako kanthu.

Ntchito anaipeza kwina. Ndamuchenjeza kale kuti akadzabwera pa Khirisimasi, maso a ku Leicester awasiye pa bwalo la ndege la Kamuzu asanakaonane ndi agogo ake.